Antchito atatu, malipiro atatu: masamu a pakutha pa mwezi m'golosale

Mkangano wa malipiro m'magolosale athu suyamba pa tsiku lolipira. Umayamba pa 9 kapena pa 15, nthawi ija wogulitsa amati, "Madamu, mundithandizeko ka 10,000, mwana wadwala," mwini sitolo n'kutsegula dilowa, kupereka, osalemba paliponse. Pofika pa 31, wina akukumbukira K10,000, wina akukumbukira K15,000, ndipo onse awiri akulumbira ndi mtima woona. Palibe wakuba pamenepo. Mutu wa munthu amene akuwerenga mabelo a shuga, kutsatira ngongole za makasitomala ndi kuthamangira kooda katundu sungasunge zonse.

Tiyerekeze golosale ya pa Mponela, ya mayi amene ali ndi antchito atatu, ndipo titenge mwezi wa Meyi 2025, womwe unayamba Lachinayi. Mwezi umenewu ndi wabwino kuphunzirirapo chifukwa uli ndi maholide awiri a boma: pa 1 Meyi, tsiku la anthu ogwira ntchito, ndi pa 14 Meyi, tsiku la Kamuzu. Woyamba mwa antchitowo ndi bambo wa pakauntala, amene amagwira kuyambira Lolemba mpaka Loweruka, maola 8 pa tsiku, ndipo anagwirizana K208,000 pa mwezi. Wachiwiri ndi mayi woyang'anira sitoko ndi mashelefu, amene amagwira Lolemba mpaka Lachisanu, maola 8 pa tsiku, pa K154,000. Wachitatu ndi mnyamata wa pakoleji amene amabwera masana okha, masiku anayi pa sabata, ndipo amalipidwa K800 pa ola. Ziwerengerozi n'zachitsanzo, inu muikepo zanu. Njira yake ndiyo sisintha.

Mtengo wa tsiku ndi mtengo wa ola

Malipiro a pa mwezi ali ngati thumba la mpunga la makilogalamu 50. Simungagulitse pa kapu musanadziwe kuti kapu imodzi ikukwana ndalama zingati. Ovataimu, kujomba, kugwira ntchito pa holide, zonsezi zimawerengedwa pa tsiku kapena pa ola, choncho choyamba ndi kuphwanya malipiro a mwezi kuti mupeze mitengo iwiriyi.

Kwa munthu wogwira masiku asanu ndi limodzi pa sabata, timagawa ndi 26. Nambalayi si yongopeka. Chaka chili ndi masabata 52, ndipo mukachulukitsa ndi masiku 6 mupeza masiku 312, omwe mukawagawa m'miyezi 12 amakupatsani 26. Boma nalo limagwiritsa ntchito 26 yemweyu: pomwe malipiro otsikitsitsa anafika pa K90,000 mu 2024, mtengo wa tsiku unali K3,461.54, komwe ndi kugawa K90,000 ndi 26. Ndiye bambo wa pakauntala uja tsiku lake ndi K8,000, ndipo mukagawanso ndi maola 8, ola lake ndi K1,000.

Eni masitolo ambiri amagawa ndi 30, poganiza kuti mwezi uli ndi masiku 30. Kutero kumatsitsa mtengo wa tsiku kufika pa K6,933 ndi wa ola kufika pa K867, ndipo ovataimu yense amene mudzawerengere pamenepo adzakhala woperewera. Choipa kwambiri ndi kugawa ndi 30 polipira ovataimu koma ndi 26 podula munthu amene wajomba. Wantchito amazindikira msanga kuti sikelo ikupendekera mbali imodzi, ndipo kuyambira pamenepo sakhulupiriranso masamu anu, ngakhale olondola.

Meyi wa 2025 anali ndi masiku 27 a Lolemba mpaka Loweruka, pomwe Febuluwale wa chaka chomwecho anali ndi 24. Zimenezi zisakusokonezeni. Amene munagwirizana naye pa mwezi amalandira K208,000 yomweyo m'mwezi wautali ndi m'mwezi waufupi, ndipo 26 uja amakhala chaka chonse.

Kwa mayi wa masiku asanu, masamu omwewo amapereka masiku 21.67, ndipo ambiri amangotenga 22. Gwirizanani nambalayo pa tsiku lomulemba ntchito, ilembedwe, isasinthe. Ndi 22, tsiku lake ndi K7,000 ndipo ola lake ndi K875. Mnyamata wa masana alibe chophwanya, mtengo wa ola lake ukudziwika kale.

Musanapite patali, yerekezani mitengo yanu ndi malipiro otsikitsitsa a boma. Mu 2025 anakwera kufika pa K126,000 pa mwezi, kutanthauza pafupifupi K606 pa ola. Mlingo umenewu umasinthasintha, komanso umasiyana malinga ndi mtundu wa ntchito ndi kukula kwa bizinesi, choncho pitani ku ofesi ya zantchito ya m'boma lanu mukaone womwe ukukhudza ogwira ntchito m'sitolo. Wogwira maola ochepa naye amayezedwa ndi mlingo womwewo, kungoti pa ola.

Bambo wa pakauntala

Lamulo la zantchito la m'chaka cha 2000 limati maola a nthawi zonse asapitirire 48 pa sabata, ndipo bamboyu amakwanitsa 48 ndendende. Ola lililonse loonjezera pamenepo ndi ovataimu. Lamulo lomwelo limagawa ovataimu patatu. Maola oonjezera pa tsiku lomwe munthu amagwira kale ntchito amalipidwa pa mtengo wa ola limodzi ndi theka. Maola ogwira pa tsiku lake lopuma amalipidwa kawiri. Maola ogwira pa holide ya boma amalipidwanso kawiri.

M'buku la maola mwalembedwa kuti masiku atatu galimoto ya katundu inafika mochedwa, ndipo bamboyu anatsalira maola awiri tsiku lililonse kutsitsa ndi kuwerenga makatoni. Amenewo ndi maola 6. Ola limodzi ndi theka ndi K1,500, ndiye ovataimu wake ndi K9,000.

Pa 1 Meyi sitolo inali yotseka. Sadulidwa kanthu, chifukwa holide ya boma si kujomba. Pa 14 Meyi mayi mwini sitolo anatsegula, poti pa holide anthu amagula, ndipo bamboyu anagwira maola onse 8. Pa K2,000 pa ola, imeneyo ndi K16,000.

Apa pamabuka funso lomwe ndimalimva kawirikawiri. Ena amati tsikulo lili kale m'malipiro a mwezi, choncho n'kokwanira kungoonjezera K8,000 kuti zikwane kawiri. Ine ndimalangiza kupereka K16,000 yonse pamwamba. Akanakhala kunyumba ndi ana ake tsikulo, akanalandirabe K208,000 yathunthu. Chomwe mukugula pa 14 Meyi ndi maola 8 omwe sanali anu, ndipo mtengo wa maola otero ndi wowirikiza. Ngati phindu la tsikulo silingafike pa ndalama imeneyo, ndi bwino kukhala nokha pakauntala kapena kutseka.

Tsopano tiwonkhetse zomwe wapeza mwezi uno: K208,000, kuphatikiza K9,000, kuphatikiza K16,000, zikukwana K233,000. Lembani nambala imeneyi payokha, musanachotsepo kalikonse. Ambiri amayamba ndi kuchotsa adivansi pa malipiro a mwezi, kenako n'kuwerengera mtengo wa ola pa ndalama yotsalayo. Kumeneko n'kulakwitsa. Adivansi sachepetsa malipiro a munthu, ndi gawo la malipiro omwewo lomwe analandiriratu.

Pa 15 Meyi bamboyu anatenga adivansi wa K40,000 ndipo anasaina. M'kati mwa mwezi anatenganso pa ngongole shuga, mafuta ophikira ndi sopo za K12,500, ndipo chilichonse chinalembedwa pa tsiku lake ndi mtengo wa tsikulo. Mtengo wa tsikulo ndi wofunika masiku ano, pomwe botolo la mafuta lingakwere mtengo mwezi usanathe. Munthu amene anatenga botolo pa 6 asalipire mtengo wa pa 30. Zochotsa zake zonse ndi K52,500, ndipo pa K233,000 pakutsala K180,500. Msonkho ndi penshoni tizifikira kutsogoloku.

Mayi wa sitoko: tchuthi, kujomba ndi ngongole yaikulu

Uyu ndiye mwezi wake uli ndi zambiri. Anatenga tchuthi cha pachaka kuyambira Lolemba pa 19 mpaka Lachisanu pa 23 Meyi, kupita kumudzi kukakolola. Amayenera kubwera Lolemba pa 26, koma anatulukira Lachiwiri, osaimba foni, ndipo atafunsidwa anangoti anaona kuti atsalireko tsiku limodzi. Kenako Loweruka pa 31, tsiku lomwe sagwira ntchito, anaitanidwa kudzathandiza kuwerenga sitoko kwa maola 6.

Tiyambe ndi tchuthi. Lamulo limapatsa wogwira masiku asanu pa sabata masiku 15 a tchuthi cholipidwa pa chaka, ndipo wogwira masiku asanu ndi limodzi amapatsidwa masiku 18. Mawu oti cholipidwa akutanthauza kuti sabata ija ya kumudzi sichotsedwa pa malipiro ngakhale tambala imodzi. Chomwe chimachepa ndi masiku ake a tchuthi. Mayiyu anamaliza chaka pa ntchito, anali ndi masiku 15, watenga 5, atsala 10. Zimenezi zimalembedwa pa tsamba la tchuthi, osati pa tsamba la ndalama.

Masikuwa ndi masiku ogwira ntchito, osati masiku a pa kalendala. Loweruka ndi Lamulungu za mayiyu sizilowamo. Akanatenga sabata ya pa 12 mpaka pa 16 Meyi, mukanamuwerengera masiku anayi okha, chifukwa pa 14 panali pa holide kale. Ndipo pofuna kudziwa kuti munthu wasonkhanitsa masiku angati chaka chisanathe, gawani ndi 12: wa masiku 18 amapeza tsiku limodzi ndi theka mwezi uliwonse, wa masiku 15 amapeza tsiku limodzi ndi kota. Nambala imeneyi imafunika kwambiri munthu akamasiya ntchito, chifukwa masiku omwe sanatenge amasanduka ndalama pa mtengo wa tsiku lake. Mwini sitolo amene wakhala zaka ziwiri osapereka tchuthi ali ndi ngongole imene sakuiona.

Lolemba la pa 26 ndi nkhani ina. Lamulo silikakamiza wolemba ntchito kulipira nthawi imene munthu wajomba popanda chilolezo komanso popanda chifukwa chomveka. Ndiye pamenepa mungathe kuchotsa K7,000, mtengo wa tsiku limodzi. Tsiku limodzi basi. Kudula masiku awiri kuti "aphunzire" ndi chindapusa, ndipo lamulo limaletsa wolemba ntchito kulipiritsa wantchito chindapusa. Palinso njira yofatsa imene ambiri amaiiwala: mukagwirizana, tsikulo lingachotsedwe pa masiku 10 a tchuthi aja, ndalama n'kukhala yosakhudzidwa. M'chitsanzo chathu mayiyu anasankha kusunga masiku ake, ndiye K7,000 ichoka.

Musanalembe kuti munthu wajomba, mufunseni kaye. Akanakhala kuti anatsalira chifukwa cha maliro a mayi ake, kapena anagonekedwa kuchipatala, nkhani ikanakhala ina. Pa za matenda, amene wamaliza miyezi 12 pa ntchito ali ndi ufulu wa masabata anayi a malipiro athunthu ndi masabata asanu ndi atatu a theka la malipiro pa chaka, akabweretsa kalata ya dokotala. Mayi woyembekezera ali ndi masabata asanu ndi atatu a malipiro athunthu, kamodzi pa zaka zitatu. Masiku amenewa sachotsedwa pa tchuthi cha pachaka. Za maliro, kambiranani pa nthawi ya mtendere kuti masiku angati amaloledwa ndipo kwa achibale ati. Kukambirana zimenezi munthu ali ndi misozi m'maso sikuyenda bwino.

Loweruka la pa 31 ndi tsiku lake lopuma, ndiye ola lake la K875 likhala K1,750. Maola 6 ndi K10,500. Onani kusiyana kwake: bambo wa pakauntala anagwiranso Loweruka lomwelo, koma kwa iye ndi tsiku wamba la ntchito, salandirapo kanthu koonjezera. Tsiku limodzi, sitolo imodzi, mitengo iwiri. Mufotokozereni bamboyo asanamve kwa mnzake.

Zomwe mayiyu wapeza ndi K154,000, kuchotsa K7,000, kuphatikiza K10,500, zomwe zikukwana K157,500.

Tsopano ngongole. Kumapeto kwa Epulo anabwereka K120,000 ya fizi ya mwana, ndipo pa 16 Meyi, akukonzekera ulendo, anatenganso adivansi wa K30,000. Mwini sitolo, amene akufuna ndalama zooda katundu, angalakelake kudula zonse K150,000 nthawi imodzi. Akatero mayiyu apita kunyumba ndi K7,500 yoti adye mwezi wathunthu, ndipo pa 3 Juni adzakhala atabweranso kudzapempha adivansi wina. Ndi momwe wantchito amagwera m'dzenje logwira ntchito chaka chonse osaona malipiro, ndipo munthu wotero amakhala pafupi ndi dilowa ya ndalama ali ndi njala.

Lamulo linaika malire pamenepa. Zochotsa za mtundu uwu, monga ngongole, adivansi ndi katundu wotenga m'sitolo ya bwana, zimafuna chilolezo cha wantchito cholembedwa, ndipo zonse pamodzi zisapitirire theka la malipiro ake. Theka la K157,500 ndi K78,750. Choncho njira yabwino ndi kusiyanitsa zinthu ziwirizi pa tsiku lopereka ndalama. Adivansi ndi ndalama yaing'ono imene imabwezedwa yonse mwezi womwewo. Ngongole ndi ndalama yaikulu imene imabwezedwa pang'onopang'ono, ndipo kuchuluka kwa mwezi uliwonse kumalembedwa ndi kusainidwa ndalama isanatuluke m'dilowa. Awa anagwirizana K30,000 pa mwezi kwa miyezi inayi, kuyambira Meyi. Ndiye mwezi uno achotsa K30,000 ya ngongole ndi K30,000 ya adivansi, pamodzi K60,000, yomwe ili pansi pa theka lija. Pa K157,500 pakutsala K97,500, ndipo ngongole yatsala K90,000.

Ine ndikanakhala mwini sitoloyu, bola ngongole ya fizi ija ikadalipo, sindikanalola adivansi wopitirira K40,000. Ndi bwino kunena malirewo poyamba kusiyana ndi kukana munthu ali kale pa vuto.

Mnyamata wa masana

Iyeyu amabwera Lolemba, Lachitatu, Lachisanu ndi Loweruka, kuyambira 1 koloko mpaka 6 koloko madzulo, maola 5. Malipiro ake sangadziwike mwezi usanathe, amachokera m'buku la maola basi. Pali chinthu chimodzi chomwe eni masitolo ambiri sachidziwa: amene malipiro ake amawerengedwa pa ola, pa tsiku kapena pa sabata, lamulo limati azilipidwa kamodzi pa sabata kapena pa masabata awiri, osadikira mwezi. Mnyamata wathu amalandira Loweruka, masabata awiri aliwonse. M'mwezi wa Meyi analandira pa 3, pa 17 ndi pa 31.

Malipiro a pa 17 anali a masiku 8, kuyambira pa 5 Meyi. Masiku 7 anali wamba: maola 35 pa K800, ndiyo K28,000. Lachisanu ndi chitatu linali la pa 14, Lachitatu la holide, ndipo anabwera. Kukhala wa maola ochepa sikumuchotsera ufulu wa mtengo wowirikiza, ndiye maola 5 pa K1,600 ndi K8,000. Pamodzi analandira K36,000.

Masabata awiri otsiriza amayenera kukhala ndi maola 40. Pa 21 anapempha kuti asabwere chifukwa cha mayeso, maola 5 anachoka. Pa 28 anaweruka 4 koloko, maola ena awiri anachoka. Atsala maola 33, omwe ndi K26,400. Anatenga adivansi wa K5,000 pa 24, ndiye pa 31 alandira K21,400.

Pali misampha iwiri apa. Woyamba ndi kumudula kawiri: mwawerengera maola 33 okha, kenako pa mzere wa zochotsa mwalembanso kuti "sanabwere pa 21, K4,000". Tsiku limenelo silinalowe kale m'masamu, palibenso chochotsa. Wachiwiri ndi kutenga K36,000 ya pa 17 ija ngati adivansi n'kuichotsa pa malipiro a pa 31. Imene ija inali malipiro a ntchito yomwe anagwira kale, tsamba lake linatsekedwa. Mukaona kuti masamu anu akusonyeza kuti wantchito ndiye ali ndi ngongole kwa inu pa tsiku lolipira, bwererani m'buku, nthawi zambiri mwagwa mu umodzi mwa misampha iwiriyi.

Za shoti

Sitinachotse shoti kwa aliyense, ndipo n'dala. Ndalama zikaperewera m'dilowa, mtima umathamangira kwa wa pakauntala. Koma m'golosale yaing'ono dilowa imakhudzidwa ndi manja ambiri: wa pakauntala, mnyamata wa masana, mwini sitolo potenga ya minibasi, mwana wa pakhomo potenga ya ndiwo. Ndinaonapo wogulitsa akudulidwa ndalama yomwe pambuyo pake inapezeka kuti mwini wake anaitenga yekha kukalipira magetsi n'kuiwala. Ndalamayo inabwezedwa, koma munthuyo sanathe miyezi iwiri, anachoka.

Ngati mukufuna kuti munthu aziyankhapo pa ndalama za m'dilowa, muziwerenga naye limodzi potsegula ndi potseka, musaine nonse, ndipo aliyense wotengamo kanthu, kuphatikizapo inu, azisiya kapepala. Shoti ikapezeka, kambiranani tsiku lomwelo, mumve mbali yake, mulembe zomwe mwagwirizana. Kuisunga mumtima n'kudzaitulutsa pa 31 ndiko kumafikitsa anthu ku ofesi ya zantchito, ndipo kumeneko chinthu choyamba chomwe amafunsa ndi zolemba.

Gawo la boma ndi la ukalamba

Pali zochotsa ziwiri zomwe si za inu kapena za wantchito kusankha. Msonkho wa PAYE umadulidwa ndi wolemba ntchito n'kuperekedwa ku MRA. Pa mlingo womwe unayamba mu Epulo 2024, K150,000 yoyamba pa mwezi inalibe msonkho, ndipo yotsatira, mpaka kufika pa K500,000, inkadulidwa K25 pa K100 iliyonse. Msonkhowu umawerengedwa pa zonse zomwe munthu wapeza, ovataimu yemwe, adivansi asanachotsedwe. Kwa bambo wa pakauntala, K233,000 yapitirira malire ndi K83,000, ndiye msonkho ndi K20,750. Kwa mayi wa sitoko yapitirira ndi K7,500 yokha, msonkho ndi K1,875. Mnyamata uja safikapo. Malirewa amasintha ndi bajeti ya boma, choncho tengani a chaka chomwe mukulipiracho.

Pa penshoni, lamulo limati wantchito azisonkha K5 pa K100 iliyonse ndipo wolemba ntchito aziikapo K10. Pa K208,000, bamboyu adulidwa K10,400, inu n'kuonjezerapo K20,800 yochokera m'thumba la sitolo, osati m'malipiro ake. Mayi uja pa K154,000 adulidwa K7,700. Ndikudziwa kuti magolosale ambiri a m'matauni ang'onoang'ono sanayambe zimenezi. Kusayamba sikufafaniza udindo, kumangouunjika.

Kapepala kopita ndi ndalama

Lamulo limafuna kuti wantchito alandire, pamodzi ndi malipiro, chikalata chosonyeza momwe ndalamayo yafikira pamenepo. Sichifuna kompyuta. Theka la pepala lolembedwa ndi bolopeni, lokhala ndi kaboni pansi kuti inu mutsale ndi lanu, n'lokwanira. La bambo wa pakauntala lingaoneke chonchi:

Malipiro a Meyi 2025: K208,000
Ovataimu, maola 6 pa K1,500: K9,000
Holide ya pa 14 Meyi, maola 8 pa K2,000: K16,000
Zonse pamodzi: K233,000
Msonkho: K20,750
Penshoni: K10,400
Adivansi wa pa 15 Meyi: K40,000
Katundu wa m'sitolo: K12,500
Zolandira: K149,350

Mpatseni kapepalako awerenge asanawerenge ndalama. Munthu amene anagwirizana K208,000 n'kulandira K149,350 m'manja, popanda kapepala, amangoona kuti wachotseredwa. Akaona mizereyo amakumbukira yekha adivansi uja ndi mafuta aja. Mwa njira yomweyi, mayi wa sitoko alandira K87,925. Ngati mumalipira pa Airtel Money kapena pa Mpamba, kapepalako kasasowe, ndipo gwirizanani za ndalama yotapira, chifukwa uthenga wa pa foni umangosonyeza ndalama yomaliza, susonyeza njira yake.

Pa 31 mayi mwini sitolo atulutsa m'maenvelopu atatu ndalama yosafika K260,000, ndipo n'zosavuta kuganiza kuti antchito amudyera imeneyo mwezi uno. Ayi. Kuwonkhetsa K233,000, K157,500, K36,000, K26,400 ndi K8,000 ya maola 10 omwe mnyamata anagwira pa 2 ndi pa 3 Meyi, malipiro enieni a mweziwu ndi K460,900, penshoni ya mbali ya sitolo isanalowemo. Ina inatuluka kale ngati adivansi, ina ngati shuga ndi sopo, ina ikupita ku MRA. Nambala yaikuluyo ndiyo iyenera kulowa m'masamu a phindu, apo ayi mudzaona ngati sitolo ikupanga ndalama zomwe kulibe.

Zonsezi zimatheka ndi buku limodzi la hadikava. Munthu aliyense akhale ndi masamba awiri oyang'anizana mwezi uliwonse. Kumanzere mulembe deti, nthawi yofika, nthawi yoweruka, ndi mawu amodzi ofotokoza tsikulo ngati silinali wamba: tchuthi, holide, matenda, kujomba. Kumanja mulembe ndalama ndi katundu yense amene watenga, deti lake ndi siginecha yake. Bukulo lizikhala poti wantchito angathe kuliona, ndipo mzere uliwonse uzilembedwa tsiku lomwelo, sitolo isanatsekedwe. Mukamaliza kulipira, tsegulani masamba a Juni nthawi yomweyo, ndipo pamwamba pa tsamba la mayi wa sitoko mulembe zomwe zawoloka mwezi: ngongole yotsala K90,000, masiku a tchuthi otsala 10.